Dzina la mlendo wa ku Iceland likundikanika, mwambo uli Lachisanu

"Akuluakulu ndithandizeni. Andisankha kuyendetsa mwambo wopereka midadada ya sukulu kuno ku Mangochi Lachisanu likubwerali. Mlendo wolemekezeka ndi mayi wa ku Iceland. Dzina lawo lili ndi chilembo china chomwe sindinachionepo, ngati d wodulidwa pamwamba, ndipo kumapeto kuli -dóttir. Ndilitchula bwanji osachita manyazi pamaso pa mafumu?"

Achimwene, masiku muli nawowa ndi okwanira, bola muyambe lero. Poyamba penipeni ikani kaye pepalalo pansi. Dzina lotere mukaliphunzira ndi maso, maso akunamizani, chifukwa ife tikaona chilembo timachiwerenga Chichewa kapena Chingerezi, pomwe eni ake ali ndi kawerengedwe kawokawo. Liyenera kulowa kudzera m'khutu, ndipo lichokere pakamwa pa mwini wake.

Imbirani amene anakutumizirani ndondomeko ya mwambowo, muwapemphe kuti mlendoyo ajambule mawu pa WhatsApp akutchula dzina lake lonse kawiri, koyamba pang'onopang'ono, kachiwiri monga amatchulira akamacheza. Musaope kuti muoneka osadziwa ntchito. Anthu a ku Iceland akhala akugwira ntchito ndi Malawi kuyambira 1989, makamaka m'boma lathu lino, ndipo amene ndakumana nawo ine amasangalala munthu akafunsa. Chimene ndikukuletsani n'kudalira dalaivala kapena mnzathu wa ku ofesi amene akuti "ife timangowatchula chakuti". Iyeyo akupatsani dzina lomwe linapindika kale m'kamwa mwa anthu khumi, inu n'kukalikweza pa chimkuzamawu. Mlendoyo akapanda kupezeka, funsani mnzake wochokera dziko lomwelo, koma mudzatsimikizebe kwa mwini wake tsikulo.

Mwachita bwino osalemba dzina lonse pagulu pano. Ndigwiritsa ntchito mayina ofala kwambiri kumeneko monga chitsanzo, Guðrún ndi Jónsdóttir, inu muyerekezere ndi lanulo.

Chilembo mwachionacho ndi ð. Si d ayi. Nsonga ya lilime imakhudza mano akumwamba, mpweya n'kumadutsa pakati mawu akulira, monga poyambira pa liwu lachingerezi lija lolembedwa the. Pali chinzake, þ, chomwe lilime limakhala pomwepo koma pakhosi posalira. Chilembo j amachitchula y, ndiye Jón akumveka Youn, osati Joni. Kamzere kali pamwamba pa ó sikokongoletsa, kamasintha liwu kuti limveke ou, o akutsetserekera msanga kwa u mu mpweya umodzi. Pamene pali tt pamabwera kampweya patsogolo pake, ngati h wofooka, kenako t. Ndipo mu Guð- mumamveka v yemwe sanalembedwe konse. Ameneyu simungamupeze papepala ngakhale mutaliyang'ana tsiku lonse, n'chifukwa chake ndikulimbikira za khutu.

Koma chimene chimapotoza dzina kwambiri si zilembo zachilendozi. Ndi zizolowezi ziwiri za lilime lathu. M'Chichewa, ngakhalenso m'Chiyao, phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye tikakumana ndi dzina lothera pa n kapena r timalimata i kumapeto osazindikira. Ndi momwe James anasandukira Jemusi. Guðrún, lomwe lili ndi maphatikizo awiri, limatuluka Gu-du-ru-ni, anayi. Jónsdóttir la atatu limatuluka Jo-nsi-do-ti-ri, asanu. Chizolowezi chachiwiri n'chakuti ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga tinenera MangOOchi, MalIIndi. Chinenero cha ku Iceland chimatsindika phatikizo loyamba. Inu mukakoka -tiiri kumapetoko, mwini dzina amva china chake.

Zinandionekerapo zimenezi. Pa mwambo wina wopereka mjigo kutsidya kwa nyanja ndinalandira pepala m'mawa womwewo, ndinaliwerenga kawiri chamumtima n'kukhutira. Nditaitana mlendo kuti aimirire anthu amuone, mayiyo anangokhala phee, manja pamiyendo, akumwetulira, kudikira kuti amene waitanidwayo aimirire. Gule anali atasiya, amayi atakonzeka kululutira, bwalo lonse zii, mpaka mnzake anachita kumugwira paphewa. Sanakwiye, koma zinandipweteka kuti munthu anayenda ulendo wonse uja ndipo pa mphindi yake yokhayo sanamve dzina lake.

Mawu aja akafika, khalani pa malo opanda phokoso, muwamvere kasanu musanalembe kanthu. Ombani m'manja motsatira dzinalo kuti mudziwe maphatikizo alipo angati. Mukatero lembani zimene mukumva m'zilembo za Chichewa, zomwe diso lanu limawerenga mosaganiza. Apa pali msampha umene wagwira ambiri. Mukafufuza pa intaneti mupeza atalemba katchulidwe kake ndi th ndi oo, koma amenewo analembera owerenga Chingerezi. Inu mukaona th pamaiki mtima uli m'mwamba, lilime litulutsa th wa mu thumba, ndipo oo atuluka o wokoka pomwe iwo amatanthauza u. Musakopere za eni, pangani zanu. Pa pepala langa zikanaoneka chonchi:

Mayi Guðrún Jónsdóttir
GVUDH-run (2) YOUNS-douh-tir (3)

Zilembo zazikulu zikusonyeza potsindika. Timizere tikudula maphatikizo. Manambalawo akundikumbutsa kuti ndikapitirira awiri ndi atatu ndiye kuti ndamata i penapake. Dh ndi chizindikiro changa cha lilime la pamano lija. Inu mukhoza kusankha china, bola chikhale chimodzimodzi papepala lonse. Ine ndimaikanso kadontho kofiira pambuyo pa n ndi r womaliza, kutanthauza kuti tseka pomwepo. Dzina lenileni lisiyeni pamwamba monga limalembedwera, chifukwa atolankhani kapena alembi a mfumu akhoza kukupemphani kuti akopere, asakatenge katchulidwe kanu kuja n'kukaika m'lipoti.

Lembani zimenezi paliponse pamene dzinalo likupezeka, osati poyamba pokha. Pa mwambo ngati wanuwo mlendo wolemekezeka mumutchula mwina kanayi: polonjera, pomuitana kukadula riboni, pomupatsa mpata wolankhula, ndi pothokoza. Koyamba mumakhala muli tcheru. Pogwera ndi kachitatu, dzuwa la Mangochi litakuwambani maola awiri, pulogalamu itasokonekera chifukwa wina walankhula motalika, inu mukutembenuza mapepala kufuna pomwe munalemba. Zilembo zikhale zazikulu zoti muzione pepala lili pamchombo, ndipo ngati mwambo uli panja gwiritsani ntchito kakhadi kolimba kapena panani mapepala pa bolodi, mphepo ya kunyanja isakuulutsireni.

Musanajambulitse mawu aja onjezani funso lina, lakuti akufuna aitanidwe bwanji. Kwa anthu ambiri a ku Iceland, dzina lachiwirilo si la banja ngati Phiri kapena Banda, ndiponso si la mwamuna wawo. Jónsdóttir akutanthauza mwana wamkazi wa Jón, mchimwene wake akanakhala Jónsson. Kwawoko amaitanana ndi dzina loyamba, ngakhale mtsogoleri wa dziko. Choncho kunena "Mayi Jónsdóttir" lokha, komwe kwa ife kukumveka ulemu, kwa iwo n'kosazolowereka. Nenani dzina lonse ndi udindo wawo koyamba, kenako "Mayi Guðrún" basi. Zikupepukiraninso, chifukwa lalitalilo mulitchula kamodzi kapena kawiri kokha. Kwa mafumu ndi makolo amene angadabwe kuti bwanji mukutchula munthu wamkulu dzina loyamba, chiganizo chimodzi chikwana, chonena kuti kwawo ulemu wake ndi umenewo.

Tsopano kuyeserera. Chamumtima sikuyeserera, chifukwa m'mutu dzina lililonse limatuluka bwino. Yambani ndi phatikizo limodzilimodzi mokweza, ndipo pa dzina lalitali yambirani kumapeto: tir, kenako douh-tir, kenako YOUNS-douh-tir. Mukatero kumapeto, komwe timamata i, n'komwe lilime likuzolowera koyamba. Likayamba kutuluka lokha, liikeni m'chiganizo chenicheni chomwe mukanene, mwachitsanzo "tiwalandire ndi m'manja Mayi Guðrún Jónsdóttir, amene achokera ku Iceland". Apa m'pamene muone vuto lenileni. Dzina likazunguliridwa ndi Chichewa, kayendedwe ka Chichewa kamalikoka, ndipo liwu lotsatira likayamba ndi a, monga amene, r uja amathamangira kukalumikizana nalo n'kumveka tira. Pumirani pang'ono musanatchule dzina, mupumirenso mukalitchula. Ine ndimalemba kamzere kopendekera mbali zonse ziwiri kuti ndisaiwale.

Chitani zimenezi kakhumi m'mawa, kakhumi madzulo, mutaimirira, ndi mawu amene mukalankhulire pabwalo. Lachitatu mudzijambule pa foni, mumvere mawu anu motsatizana ndi a mlendo aja. Omberani m'manja mawu anuwo: maphatikizo akakwana anayi m'malo mwa awiri, i wabwerera. Mukakhutira tumizani kwa mlendoyo kapena mnzake kuti akuuzeni pokonza. Mwina u wa mu Guð- akukanikani, popeza ali pakati pa u ndi i wathu ndipo ife tilibe. Ameneyo asakusowetseni tulo. Maphatikizo akakwana, kutsindika kukakhala poyamba, j akamveka y, mwini wake alizindikira dzina lake nthawi yomweyo. Ð akakana zenizeni, afunseni iwo eni kuti chapafupi chomwe angachivomere n'chiti, m'malo mosankha nokha.

Muli pomwepo, pitaninso pa mndandanda wonse, chifukwa mayina akwathu omwe amatigwetsa poti timawaderera. Wolemba ndondomeko akaiwala kachizindikiro ka pa ng', dzina loyenera kumveka ngati ng'oma limatuluka ngati ngozi, mwini wake ali pompo. Za maudindo a mafumu funsani mlembi kapena nduna yawo m'mawa womwewo, chifukwa mfumu ikhoza kukhala kuti inakwezedwa pomwe pepala lanu linakopedwa ku mwambo wa chaka chatha.

Lachisanu fikani msanga, munene chiganizo chija pamaiki anyamata a zimkuzamawu akamayesa zida, kuti mumve momwe s ndi t zikutulukira. Galimoto ya alendo ikafika pitani mukawalonjere musanayambe mwambo, mutchule dzinalo pamaso pawo, mufunse ngati mwalondola. Akakonza penapake, sinthani pakhadi pomwepo ndi cholembera. Lilime likakapunthwabe pamaiki, imani, munene "pepani", mulitchulenso kamodzi modekha n'kupitiriza. Musaseketse nalo anthu kuti mayina enawa ngothyola lilime, chifukwa bwalo likaseka limakhala likuseka dzina la mlendo wanu. Mukafuna, nditumizireni kumbali mawu anu aja Lachitatu madzulo, ndikumverereni musanawatumize kwa eni ake.