Gemu ya ndewu kwa oyamba kumene

"Ndikufuna gemu ya ndewu yoti ndizimenyana ndi a msinkhu wanga, osati yoloweza mabatani ambirimbiri. Ndiyambire pati?"

Achimwene, yambani ndi Street Fighter 6 ya 2023, musankhe kaseweredwe ka Modern m'malo mwa Classic. Mukatenga womenya wotchedwa Ryu, batani limodzi la SP limaponya moto wa Hadoken uja, ndipo mukalidina mukukankhira kutsogolo amalumpha ndi chibakera cha Shoryuken. Kuipa kwake n'kwakuti nkhonya zachidulezi mphamvu yake imatsika ndi 20 peresenti, koma woyamba kumene sangazindikire n'komwe. Chachikulu n'kudziwa kutchinga. Mnzanu akalumphira kwa inu, m'landireni ndi Shoryuken ali m'mwamba momwemo. Ine ndinatha mlungu wathunthu kuno ku Area 25 ndikuphunzira chokhachi, ndikudyanso zibakera zosawerengeka.

Za a msinkhu wanu pa luso, lowani Ranked Match, osati Casual. Mumayamba mwasewera ndewu 10 zokuyesani, kenako imakuikani pagulu lanu, kaya Rookie kaya Iron.

Koma kuno ku Lilongwe chimene chimavuta kwambiri ndi netiweki. Osewera ambiri ali kutali, ndiye lumikizani makina ndi chingwe, Wi-Fi isiyeni. Mukaona munthu wanu akuchita ngati wabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi, vuto si zala zanu ayi, sakani wina wapafupi ngati a ku Joni.