Chitetezo chobwereka kwa mayi chimatha

"Mwana wanga ali ndi miyezi 7, akuyamwa bwinobwino. Apongozi akuti mkaka wa m'mawere ndi katemera kale, ndisavutike ndi wa chikuku. Komanso n'chifukwa chiyani kusikelo amadikira mpaka miyezi 9?"

Mayi, apongozi anu sananame kwenikweni, koma aphatikiza zinthu ziwiri. Pali chitetezo chimene mwana amabwereka kwa inu, ndipo pali chimene thupi lake limapanga lokha likakumana ndi kachilombo kapena katemera.

Chobwerekacho ndi asilikali a m'magazi mwanu, otchedwa ma antibodi. Amawoloka kudzera mu nsengwa, ambiri a iwo m'miyezi itatu yomaliza ya pakati. N'chifukwa chake mwana wobadwa masiku asanakwane amabwera ndi ochepa. Akangodula mchombo, njira ija yatsekeka. Thupi la mwana silinaphunzire kuwapanga, choncho amangoperewera, pafupifupi theka mwezi uliwonse. Tiyerekeze kuti anabadwa ndi 100. Pakutha mwezi atsala 50, kenako 25, 12, 6, 3, ndipo pofika miyezi 6 atsala awiri osakwana. Wanuyo ndiye kuti nkhokwe yayamba kuoneka pansi.

Kudikira miyezi 9 kumachokera pomwepa. Mu katemera wa chikuku muli kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa, ndipo kamayenera kuswana pang'ono m'thupi kuti thupilo likadziwe. Mukamubaya mwana wa miyezi iwiri, asilikali anu aja amakapha msanga, thupi lake lisanaphunzire kanthu, jakisoni n'kupita pachabe. Ngakhale pa miyezi 9, ana pafupifupi 15 mwa 100 katemerayu sawagwira, ndiye mpake kuti pali wachiwiri pa miyezi 15. Amayi ambiri amaiwala wachiwiriyu, poti mwana akuyenda kale ndipo akuoneka wamphamvu.

Mkaka uli ndi asilikali ndithu, makamaka woyamba wachikasu uja umene ena amafinyira pansi (zimandiwawa ndikamva zimenezi). Koma ndi a mtundu wina. Amamatira kukhosi ndi m'matumbo, n'kumagwira tizilombo totsegula m'mimba tisanalowe m'thupi. M'magazi mwa mwana salowamo kwenikweni, ndipo chikuku, chomwe chimayenda mu mpweya, sangachiletse. Akasiya kuyamwa, nawonso amatha, osasiya chikumbukiro chilichonse. Katemera amasiya chikumbukiro, moti patapita zaka thupi limakazindikirabe kachilomboko.

Miyezi iwiri ikubwerayi ndi yosamala, chifukwa chobwereka chatsala pang'ono kutha pomwe chakechake sichinabwere. Mukamva kuti chikuku chabuka kwanuko, funsani alangizi a zaumoyo, poti nthawi ngati imeneyo amatha kubaya ana kuyambira miyezi 6. Jakisoni ameneyo ndi wowonjezera chabe, wa miyezi 9 ndi wa miyezi 15 adzalandirabe. Mwana akatentha thupi, maso kufiira, chimfine ndi chifuwa, kenako totupa tating'ono kuyambira kumaso kutsikira m'thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo musasiye kumuyamwitsa.