Anyuzipepala alakwitsa dzina la mwana wanga, ndiwasumire kapena?

"A loya, mwana wanga wamkazi anapambana mpikisano wa masamu ndiye nyuzipepala ina inamulemba koma dzina analakwitsa, analemba Chilwa mmalo mwa Chirwa. Timafuna tiike nkhaniyo pa mapepala ofunsira thandizo la fizi. Ndingawasumire? Kapena kalata yake kwa mkonzi ndilembe bwanji?"

Mayi, zakukhothi ziiwaleni kaye. Kuti munthu apate chipukuta misozi pa mlandu woipitsa mbiri pamafunika kuonetsa kuti zomwe zinalembedwazo zapangitsa anthu kumuona ngati wachabechabe, kumuseka kapena kumusala, ndiye apa nkhani yake ndi yomutamanda mwanayo, chilembo chimodzi chokha ndi chomwe chaphonyeka. Jaji sangakupatseni kanthu, mungotaya ndalama zolipira ife maloya. Chomwe mukufuna ndi choti akonze basi, ndipo izi zimatheka ndi kalata imodzi yolembedwa bwino, poti malamulo omwe atolankhani anadziikira okha kudzera ku Media Council of Malawi amanena kuti akalakwitsa azikonza mwachangu.

Kalatayo mulembere mkonzi wa nyuzipepalayo osati mtolankhani amene analemba nkhaniyo. Mtolankhani alibe mphamvu yoika chokonza pa tsamba, komanso nthawi zina si iye wolakwa, dzina limatha kusinthidwa ndi anthu okonza nkhani usiku akuthamangira kukadinda. Anthu ambiri amangoimbira foni mtolankhani, iye nkuti pepani tikonza, nkhani nkuthera pompo opanda umboni uliwonse woti munadandaula.

Ikhale yaifupi, theka la tsamba ndi lokwana. Tchulani tsiku lomwe nyuzi inatuluka, nambala ya tsamba ndi mutu wa nkhani ndendende mmene unalembedwera, kuti asavutike kusaka. Kenako mau ngati awa: "Mu ndime yachiwiri komanso pansi pa chithunzi dzina la mwana wanga linalembedwa CHILWA. Kalembedwe kolondola ndi CHIRWA, monga zilili pa chiphaso chomwe ndaphatikiza. Ndikupempha kuti mutulutse chokonza mu nyuzipepala yotsatira komanso musinthe dzinali pa webusaiti yanu." Maina awiriwo mulembe ndi zilembo zazikulu, ndipo taipani musalembe pamanja, chifukwa zimachitika ndithu chokonza nachonso kutuluka cholakwika kaamba koti munthu sanathe kuwerenga l ndi r wa pa kalata. Phatikizani fotokope ya nkhaniyo ndi ya chiphaso chobadwira kapena chitupa cha unzika cha mwanayo, muikenso nambala yanu ya foni. Pamwamba mulembe kuti kalatayi si yoti aisindikize, apo ayi atha kungoiponya pa tsamba la makalata a owerenga ngati maganizo anu chabe, pomwe inu mukufuna nyuzipepalayo ivomere yokha kuti inalakwitsa.

Za webusaiti musaziphonye. Pepala lomwe linagulitsidwa kale silingabwezedwe, chokonza chimangotuluka ngati kabokosi kakang'ono tsiku lina, koma ya pa intaneti amatha kusintha dzina lenilenilo mkati mwa nkhani ndipo ndi yomwe anthu a fizi aja akaipeze akamufufuza mwanayo.

Musaopseze kuti ndikusumirani. Mkonzi akangoona mau amenewo kalata amaitumiza kwa maloya akampani, chinthu cha tsiku limodzi nkutenga mwezi. Ingonenani kuti mukuyembekeza yankho pasanathe sabata, tsikulo ndi loika nokha si la lamulo ayi koma limathandiza pokakumbutsa. Mukakapereka pamanja tengani makope awiri, imodzi akudindireni sitampa ndi deti pa risepishoni muisunge. Ngati ndi pa imelo musafufute yomwe mwatumizayo. Akangokhala chii mutakumbutsa kamodzi, ndi pomwe mumalembera a Media Council mutaphatikiza makalata onsewo. Iwo si khothi, ndalama sangakupatseni, ntchito yawo ndi kukambirana ndi mkonziyo kuti akonze.

Ngati tsiku lotsekera mafomu a fizi layandikira musadikire nyuzipepala. Pitani kwa loya amene ali ndi mphamvu yolumbiritsa kapena kwa majisitireti, mwanayo ngati wakwana zaka 18 alumbire yekha, ngati sanakwane mulumbire inu, kuti Chilwa wa mu nkhaniyo ndi Chirwa wa pa chiphaso ndi munthu mmodzi. Kalata yolumbirayo muiphatikize ku nkhani ija pamodzi ndi satifiketi yomwe anapatsidwa ku mpikisano, yomwe kunena zoona ndi umboni wamphamvu kuposa nyuzi.

Zikanasiyana chikhala kuti chinali chidziwitso chomwe munalipira nokha, monga cha maliro kapena chosintha dzina. Pamenepo simupita kwa mkonzi, mumapita ku ofesi ya malonda ndi lisiti komanso pepala lomwe munawapatsa. Ngati pa pepala lanu dzina linali bwino akuyenera kubwereza ulere, koma ngati munalakwitsa ndinu kapena munasainira chitsanzo chili cholakwika kale, mulipiranso.