Thiransifoma yadutsidwa ndi shoti ya kunja: SFRA tiiwerenge bwanji?

Funso: "Akuluakulu, bulugama wagwera pa layini ya 11 kV cha ku Thondwe usiku wa mvula ija, buleka inabwerera kawiri isanatsekeretu. Thiransifoma ndi ya 33/11 kV, 10 MVA, Dyn11, impidensi 8%. Mega ili bwino, resho ili bwino, Buchholz mulibe mpweya. Tapanga SFRA, fezi b ikusiyana ndi zinzake pansi pa 2 kHz. Gilafu ya kufakitale tilibe. Tiyatse?"

Achimwene, musayatse kaye, koma musafulumirenso kunena kuti fezi b yafa. Pansi pa 2 kHz, mbali inayo ili yotsegula, makina a SFRA, omwe amayeza mmene thiransifoma imayankhira magetsi a mafurikwensi osiyanasiyana, amaona chitsulo cha pakati osati makoyilo. Mwendo wa pakati wa chitsulocho uli ndi njira yaifupi ya maginito yofanana mbali zonse, pomwe miyendo ya m'mphepete ili ndi njira imodzi yaifupi ndi ina yaitali. N'chifukwa chake mukayeza fezi ndi nyutulo, a-n ndi c-n kawirikawiri zimaonetsa zigwa ziwiri zoyandikana pa gilafu, b-n chigwa chimodzi, ngakhale pa thiransifoma yatsopano. Komanso ngati munayamba mwayeza rezisitansi ya makoyilo ndi magetsi a DC, munasiya maginito m'chitsulo, ndipo maginito otsalawo amakankhira chigwa choyamba kumanja. Buleka yokha ikadula imatha kusiya maginito otero. Ndiye zomwe mwaonazo sizikutiuza kuti koyilo yasuntha, sizikutiuzanso kuti sinasunthe. Chinthu chimodzi chokha choopsa chomwe chimaoneka kumeneko ndi mawaya ogundana mkati mwa koyilo: mzere wa fezi imeneyo umakwera kwambiri, chigwa choyamba chimasowa, n'kumaoneka ngati mwaika shoti mbali inayo. Popeza resho yanu ili bwino, zimenezo n'zokayikitsa.

Mega ndi resho zisakupatseni mtima. Koyilo ikhoza kupindika pepala lake lisanang'ambike, mawaya n'kukhala ochuluka chimodzimodzi, ndipo zida ziwirizo zingokuuzani kuti zonse zili bwino. Taonani mphamvu yomwe inadutsamo. Mbali ya 11 kV imanyamula 525 A ikadzaza. Ndi impidensi ya 8%, shoti ya pafupi imatha kufika ka 12.5, ndiye cha m'ma 6,500 A, ndipo nsonga yoyamba imakwera kufika cha m'ma 16 kA. Mphamvu yokankha mawaya imayenda ndi I², choncho pa nsonga imeneyo imakhala ka 500 kuposa ya tsiku ndi tsiku. Mtengo ukagwera kutali, layini yokha imachepetsa nambalazi, ndiye tengani zenizeni mu rileyi. Koma kumbukirani kuti buleka ikabwerera kawiri pa shoti yomweyo ndiye kuti makoyilo amenyedwa katatu. Koyilo ya mkati, yomwe kawirikawiri ndi ya 11 kV, imafinyidwira ku chitsulo n'kupindika ngati chitini chopondedwa, ya kunja imakankhidwira kunja, ndipo zonse zimakokedwanso m'mwamba ndi pansi mpaka zomangira makoyilo kukhwefuka.

Bwerezani muyeso, ndipo nthawi yambiri muithere pa kalumikizidwe. Chotsani mabasiba ndi makebulo pa mabushingi onse, nyutulo muichotsenso ku ethi, thanki yokha ikhale pa ethi. Chotsani maginito m'chitsulo musanayambe. Tapu muiike pamene mawaya onse a tapu alowa, ndipo mulembe nambala yake, kutentha kwa oyilo ndi pamene oyiloyo walekezera. Musanakwere pamwamba, lumikizani zopanira za makina zokhazokha: mzere ukhale woongoka pa 0 dB. Ukagwa kapena kugwedera, kebulo ndi yomwe ikudwala, ndipo makebulo amenewa amaduka mkati pafupi ndi chopanira osaonekera kunja.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa lamba wa ethi. Chishango cha kebulo chimayenera kutsika ndi lamba wophwatalala wolukidwa, motsatira bushingi, njira yaifupi, mpaka pa bawuti ya m'munsi mwa bushingi yomweyo. Palani penti ndi dzimbiri pa bawutiyo. Kuno ku Zomba ndi chinyezi cha kuphiri dzimbiri silichedwa. Waya wamba wozungulira sagwira ntchitoyi, ndipo lamba wosiyidwa akulendewera amabweretsa nsonga zabodza kuyambira cha m'ma 500 kHz kupita m'mwamba. Mukamasamuka fezi, mangani lambayo ndendende monga munamangira poyamba, n'kujambula chithunzi. Anthu atsegulitsapo mathiransifoma abwinobwino chifukwa cha bawuti imodzi ya penti.

Makinawo amalowetsa mavoti ochepa, cha m'ma 10 V, kumapeto amodzi a koyilo, n'kuyeza chotuluka kumapeto enawo pa 50 Ω, kuyambira 20 Hz mpaka 2 MHz. Chomwe mumaona pa sikirini ndi ichi:

```
dB = 20 × log10(Vout / Vin)
```

Mupange miyeso 9. Itatu ya 33 kV mbali inayo ili yotsegula (A-B, B-C, C-A), itatu ya 11 kV (a-n, b-n, c-n), ndi itatu ya 33 kV mutamanga a, b ndi c pamodzi ndi waya wonenepa wamfupi, osakhudza nyutulo kapena ethi. Pa Dyn11, koyilo ya A-B imakhala mwendo umodzi ndi a-n, B-C ndi b-n, C-A ndi c-n. Izi muzilembe papepala, chifukwa mukazisokoneza mudzaloza mwendo wolakwika.

Miyeso itatu yomalizayo ndi imene muyambe kuwerenga, chifukwa kwa munthu wopanda gilafu yakale ndiyo ya mtengo wapatali. Mukamanga mbali ya 11 kV, chitsulo chimachoka pa nkhani, maginito otsala sasokonezanso, chotsala ndi indakitansi ya mpata wa pakati pa makoyilo awiriwo. Mafezi atatu amayenera kugona pamodzi. Tiyeni tiwerenge ya thiransifoma yanuyi. 33 × 33 ÷ 10 ndi 108.9 Ω, 8% yake ndi 8.7 Ω, ndipo pakati pa mabushingi awiri ndi kawiri kake, 17.4 Ω pa 50 Hz. Pa 1 kHz ndi ka 20, ndiye 348 Ω. Poyerekeza ndi 50 Ω ya makina, mzere ukhale cha m'ma −17 dB, n'kumatsika 18 dB pakati pa 200 Hz ndi 2 kHz mongoyerekeza. Tapu ya pamwamba itsitsako pang'ono. Mukapeza −10 dB kapena −25 dB, onaninso waya wanu wa shoti musanaganize zina.

Tsopano kulitsani gilafu pamenepo mpaka muziona 0.05 dB, chifukwa pa sikelo ya nthawi zonse simuona kanthu. Indakitansi ikasintha ndi 1%, mzere umasuntha ndi 0.09 dB basi. Tinene kuti pa 1 kHz mwapeza A-B −16.98, C-A −16.98, B-C −17.11. Kusiyana ndi 0.13 dB, pafupifupi 1.5%, ndipo munthu akhoza kunena kuti n'zazing'ono. Apa ndi pamene delita, kalumikizidwe ka makoyilo a 33 kV, imanamiza. Mukayeza B-C, magetsi amadutsanso m'makoyilo awiri enawo, choncho vuto la mwendo umodzi limagawika: mwendo b ukakwera ndi 3%, muyeso wa B-C umakwera ndi 2% yokha, ndipo A-B ndi C-A nazo zimakwera ndi 0.5%. Kusiyana kotsala ndi 1.5% ija. Ndiye pa delita, kusiyana komwe mwaona muchulukitse kawiri kuti mupeze za mwendowo. Muyezo wa IEC 60076-5 umalola kusintha kosapyola 2% pa makoyilo ozungulira a saizi iyi pambuyo pa mayeso a shoti, choncho 3% yadutsa kale malire. Indakitansi kukwera kumagwirizananso ndi koyilo ya mkati yomwe yafinyikira ku chitsulo, mpata n'kukula. Kusiyana kukakhala pansi pa 200 Hz kokha, kumtunda mizere n'kukumana, imeneyo ndi rezisitansi: bawuti ya waya wanu wa shoti kapena zokhudzana za mu tapu.

Kenako pitani ku a-n, b-n ndi c-n pakati pa 20 kHz ndi 1 MHz, komwe kumaoneka mmene koyilo yakhalira. Chigwa ndi nsonga iliyonse ndi pamene indakitansi ndi kapasitansi zagwirizana:

```
f = 1 / (2π√(LC))
```

Musamathe nthawi ndi kuya kwa chigwa, kumasintha ndi kutentha komanso chinyezi. Yang'anani malo ake. Chigwa chikasuntha ndi 5%, ndiye kuti L × C yasintha ndi pafupifupi 10%, ndipo zimenezo si za nyengo. Chitsanzo: a-n ndi c-n zili ndi nsonga pa 210 kHz, ya b-n ili pa 195 kHz, ndipo nsonga zotsatira nazo zasunthira mbali yomweyo mpaka cha m'ma 600 kHz. Kusuntha kwa nsonga zingapo motsatizana ndiwo maonekedwe a koyilo yopindika. Nsonga yatsopano kapena yosowa cha m'ma makumi a kHz imaloza kwambiri ku koyilo yomwe yakwera kapena kutsika yonse.

Koma apa mpofunika kusamala, chifukwa kuyerekeza mafezi kuli ndi malire. Fezi ya pakati imatha kusiyanako pang'ono mwachibadwa popeza ili ndi makoyilo mbali zonse pamene zinzake zayang'anizana ndi thanki, ndipo mawaya opita ku tapu ndi ku mabushingi sakhala ofanana kutalika. Choncho a ndi c ndizo zimayerekezeka bwino. B payokha imafuna mboni. Mboni yabwino ndi thiransifoma inzake ya fakitale yomweyo, mapangidwe omwewo, manambala oyandikana. Ngati ilipo pa sabusiteshoni yanu kapena ku Blantyre, yezani b-n yake ndi makina omwewo. Lembelaninso opanga kuti akutumizeni fayilo yeniyeni ya muyeso, osati chithunzi cha mu lipoti. Ndipo nsonga iliyonse yokayikitsa, masulani zonse, mangani mwatsopano, yezaninso. Ikasamuka, inali ya makebulo. Pamwamba pa 1 MHz musaweruzirepo thiransifoma.

Mmene mungagamulire ndi motere. Ngati miyeso ya shoti yagona pamodzi mosapyola 0.05 dB pa delita yanuyi, nsonga za pakati zili pamalo amodzi, ndipo oyilo mulibe asetilini, yatsani popanda katundu maola angapo, mumvetsere kulira kwake, kenako muzikweza katundu pang'onopang'ono. Tenganinso oyilo pakatha sabata. SFRA siiona bwino zomangira zomwe zangokhwefuka koyilo isanasunthe, ndiye gilafu kuoneka bwino sikutanthauza kuti ingapirirenso kumenyedwa katatu. Konzani nthawi ya rileyi ndipo kubwerera kwa buleka mukuzimitse kaye mpaka mitengo ya m'mbali mwa layini itadulidwa. Ngati muyeso wa shoti ndi nsonga za pakati zaloza mwendo umodzi, tsimikizani ndi muyeso wa riyakitansi fezi ndi fezi pa 50 Hz, ndi kapasitansi ya pakati pa makoyilo komanso ya koyilo ya 11 kV ku ethi poyerekeza ndi lipoti la kufakitale. Zikavomerezana, imeneyo ndi ya ku wekishopu, ndipo dziwani kuti kusuzumira pa chivundikiro sikuonetsa koyilo ya mkati, mpaka ya kunja itazulidwa.

Ikani pano mafayilo a miyeso 9 ija, nambala ya tapu, ndi zomwe rileyi inalemba usiku umenewo, tiwerengere limodzi. Fayilo ya ulendo uno muisunge malo awiri pamodzi ndi zithunzi za malamba, chifukwa ndiyo mudzayerekezere mtengo wina ukadzagwa.