Za buku lija, ndi mbuzi za amalume

"Asuweni, kodi buku la zithunzi la manambala ofika 20 ndingalipeze kuti? Wanguyu wakwanitsa zaka zitatu, ndikufuna ndizimuwerengera asanagone."

Eee msuweni, ndauona uthenga. Ukundimva? Iwe ndimakudziwa, nkhani si buku ayi. Waona kavidiyo kaja ka mwana wa achemwali akulakatula wani, thuu, fili mpaka twente, ndiye mtima wakwera kuti wako watsalira. Ndikunama?

Ukukumbukira mbuzi za amalume? Nthawi ija atangobwerako ku Joni, asanayambane ndi aja a kuseri kwa dambo. Dzuwa likamalowa ankaima pamakwerero a khola ndi kandodo kawo kaja. Mbuzi ikamakwera, aigunde pamsana, imodzi. Ina, ziwiri. Ziwiri zikapanikizana pakhomo ankazibweza, zilowe bwinobwino. Ife kumaseka kuti madalawa ali ndi nthawi. Ndiye tsiku lija atapita kumaliro anasiyira ndani? Iweyo, wa sitandade wani, wodziwa sukulu. Unaima chapatali manja kumbuyo, mbuzi zikuthamangira m'khola iwe ukuimba, mpaka teni, n'kutseka. Mbuzi zake zinali zisanu ndi ziwiri... ayi ndanama, zisanu ndi zitatu, yamawanga ija inali itaswa. Tonde anagona m'munda wa eni. M'mawa nkhuku ya amalume inapita yolipira chimanga, iwe ukulira kuti koma ndinawerenga mpaka teni! Amalume osakukalipira n'komwe, anangokupatsa kandodo kaja madzulo ake. Anthu a m'gulu muno sanaiwale, afunse.

Ndiye... ndimati chiyani? Ee, buku. Tenga lililonse la zithunzi zooneka bwino, lomwe patsamba pali zinthu zosapitirira zisanu, zotalikirana. Mukhazike pamiyendo, ugwire kachala kake, muzigunda chinthu chimodzichimodzi, liwu limodzi pa chinthu chimodzi. Imodzi, ziwiri, zitatu. Mukafika pa yomaliza uzungulize chala pa zonse, unene kuti nkhuku zitatu. Kenako umufunse, zilipo zingati? Akayambiranso kuwerenga, kapena akangotchula nambala iliyonse yomwe yamubwerera, ndiye kuti sanagwire zoti nambala yomalizayo ndiyo kuchuluka kwa zonse. Usamuuze kuti walakwa, muwerengenso limodzi basi. Kulakatula manambala ndi nyimbo, msuweni. Kuwerenga ndi kugunda.

Uziyang'ana chala, osati pakamwa. Pakamwa pamathamanga kuposa chala, ali pa nkhuku yachiwiri iye wafika kale pa folo. Mugwire dzanja achedwe. Nthawi zina amabwereza imodzi yomweyo kawiri, makamaka zikamwazikana patsamba, ndiye yomwe yawerengedwa uziiphimba ndi chala chako. Muyambire pa zitatu, zikakhazikika mufike pa zisanu. Mayeso ake ndi a m'mawa: ndipatse masupuni atatu. Akangotapa odzaza dzanja, khalanibe pa zitatu pomwepo, palibe chakuthamangitsani.

Chinanso, m'Chichewa nambala imasintha malinga ndi chinthu. Nkhuku ziwiri, ana awiri, mitengo iwiri, tiana tiwiri. Ndiye usamangoti ziwiri, uzitchula ndi chinthu chake, khutu lake lizolowere. Akanena kuti ana ziwiri usaseke, ndikukudziwa iwe, ungoti ee, ana awiri. Ndipo osasakaniza, imodzi, thuu, zitatu, ayi. Mzere umodzi chinenero chimodzi. Zachingerezizo akazipeza kumkombaphala, kapena muziwerenge tsiku lina.

Mawu atsopano awiri pa usiku akwana. Aa, ngakhale limodzi. Iye akaloza n'kuti galu, iwe uwonjezere, ee, galu akununkhiza mphika. Mawa lake patsamba lomwelo uyambe, galu aku... n'kukhala chete, amalize yekha. Dikira ndithu, usamulande mawu m'kamwa ngati mmene umachitira ndi alamu athu. N'chifukwa chake buku ndi lomwelo sabata yonse, wotopa nalo ukhala iwe, iye ayi. Mphindi khumi basi. Kuwerenga zinthu kukhale koyambirira maso akadali gwa, pomaliza kankhani chabe mwapansipansi, apo ayi mafunso amubalalitsira tulo. Akayamba kutikita m'maso tsekani, ngakhale muli pakati.

Ndiye la 20 lija lisiye kaye. Zitatu zogunda ndi chala zikuposa twente ya pakamwa, ndi zomwe ndikunena. Agunde, atchule, umufunse zilipo zingati. Mabuku aja a ana a achemwali akadali m'katoni kwa agogo, uuze aliyense wopita Loweruka akutengereko, koma uone kaye ngati chiswe sichinawapeze. Umupatse moni mwanayo... ndipo umuuze ndiwe za tonde uja, ndisanamuuze ine.