Saida ndi biya kapena vinyo?

"Ndinagula saida ndikuganiza kuti ndi biya, koma ankakoma ngati juwisi. Kwenikweni n'chiyani? Nanga 'dry' pa botolo akutanthauzanji?"

Achimwene, saida amapangidwa ndi madzi ofinya ku maapozi, ndiye m'kapangidwe amayandikira kwa vinyo, yemwe amachokera ku mphesa. Zipatso zili kale ndi shuga woti isiti adye n'kusandutsa mowa. Biya amayamba ndi chimera cha balere, chomwe amachiviika m'madzi otentha pafupifupi madigiri 65 kuti sitalichi asanduke shuga, kenako amawiritsa madziwo ndi hopusi wobweretsa kuwawa kuja. Mu saida wamba mulibe chimera kapena hopusi.

Amafanana ndi biya pa mphamvu, chifukwa maapozi sakhala ndi shuga wochuluka ngati mphesa. Saida amafika cha m'ma 4 mpaka 8 peresenti pamene vinyo amafika 11 mpaka 14.

Tsono "dry" ndi saida amene isiti wadya shuga pafupifupi yense, motero amamveka wowawasa, nthawi zina wonyang'amira pakamwa. Shuga wa maapozi amadyeka msanga, ndiye saida ukangomuleka, amathera pamenepo. Wotsekemera ndiye wofuna ntchito: opanga amasefa isiti kapena kumupha ndi kutentha asanawonjezere shuga kapena madzi a maapozi. Opangira kunyumba asamale apa ndithu! Mukathira shuga isiti ali moyo n'kutseka botolo, kuwira kumayambiranso, kutsekemera kumatha, mpweya n'kudzaza mpaka botolo kuphulika.