Ndalama ya komishoniyo ikuchokera m'thumba la ndani?

"Alamu anga akundikakamiza kulowa bizinesi ya netiweki. Kulowa ndi K150,000, amakupatsa katoni ya tiyi wa zitsamba, ndipo ukabweretsa munthu umalandira K40,000. Akuti si piramidi poti katundu alipo. Ndiwakhulupirire?"

Achemwali, katoni ya tiyi isakupusitseni. Mapiramidi ambiri masiku ano amakhala ndi katundu wongophimbira anthu m'maso. Chofunika kuchilondola ndi ndalama: amene akuitulutsa ndi kasitomala wakunja wofuna tiyiyo, kapena munthu wogula mwayi woti nayenso adzalembe anzake?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti m'katonimo muli mapaketi 6, ndiye kuti paketi imodzi mwaigula K25,000. Pitani m'sitolo mukaone tiyi wofanana naye. Mukamupeza pa K8,000, katoni yanuyo ndi ya K48,000 basi. K102,000 yotsalayo mwalipira malo pamzere, ndipo K40,000 ya alamu anuyo yachoka pomwepo. Palibe amene wagulitsa kanthu, ndalama yangochoka kwa inu n'kukwera m'mwamba. Kuti mubweze yanu muyenera kukoka anthu anayi, iwonso anayi aliyense, ndipo abale, anzanu akutchalitchi ndi akubanki m'khonde sachedwa kutha.

Pabizinesi yeniyeni mumapikula katundu motsikirako n'kugulitsa kwa munthu amene salabadira zolowa gulu, ndipo akamumaliza amabweranso. Amene anakulembani amadyapo pang'ono pa zimene mwagulitsazo, osati pa kulowa kwanu.

Ku America nkhaniyi anaiweruza motero. Mu 1979 bungwe la boma loteteza ogula la FTC linapeza kuti kampani ya netiweki ya Amway si piramidi, mwa zina chifukwa inkafuna kuti wogulitsa agulitse kwa makasitomala 10 pamwezi, atulutse 70 peresenti ya katundu amene wagula, komanso inkagulanso katundu wotsalira. Mu 2016 kampani ina ya netiweki ya Herbalife, itazengedwa mlandu ndi FTC, inavomera kulipira madola 200 miliyoni ndi kusintha kalipiridwe, kuti magawo awiri mwa atatu a mphotho azichokera pa malonda otsimikizika kwa makasitomala. Onani kuti nayonso inali ndi katundu wooneka ndi maso.

Choncho alamu anuwo musakangane nawo, ingowafunsani mwaulemu kuti mwezi wathawu anagulitsa mapaketi angati kwa anthu omwe si mamembala. Asakuonetseni zithunzi za magalimoto pa WhatsApp, akuonetseni kope la malonda. Mufunsenso ngati kampani imakukakamizani kugula katundu mwezi ndi mwezi kuti muzilandira bonasi. Pamenepa ndi pamene ambiri amapsa: makatoni amaunjikana kuchipinda mpaka kutha ntchito, kasitomala weniweni wa kampaniyo ali membala yemweyo. Ngati sabweza ndalama pa katundu wokanika kugulitsa, ndipo alamu anu sangatchule makasitomala ngakhale asanu obwerabwera, K150,000 yanuyo musaitulutse.